Masiku anayi, maola omwewo: kodi thupi lingakwanitse?

Nkhani yogwira ntchito masiku anayi pa sabata ikamveka pakampani, maso a anthu ambiri amathamangira pa tsiku lachisanulo. Wina amaona mpata wokayendera munda, wina wokapikula katundu wa kabizinesi kake, wina wopita ndi mwana kusikelo popanda kuchonderera abwana. Ndi ochepa amene amayamba afunsa za masiku anayi otsalawo: kodi adzatalika bwanji, ndipo munthu adzakhala ali bwanji pofika ora lomaliza la tsiku lachinayi? Funso limeneli ndilo liyenera kuyankhidwa poyamba, chifukwa ndi pamene pagona chitetezo cha wantchito.

Pali njira ziwiri zimene anthu amazitchula ndi dzina limodzi, koma n'zosiyana kwambiri. Yoyamba ndi yochepetsa maola. Mu 2022 makampani 61 a ku Britain, okhala ndi antchito pafupifupi 2,900, anayesa kwa miyezi isanu ndi umodzi kudula maola a sabata osadula malipiro. Ku Iceland nako, pakati pa 2015 ndi 2019, antchito aboma pafupifupi 2,500 anatsitsiridwa maola kuchoka pa 40 kufika pa 35 kapena 36. Nkhani zabwino zambiri zimene timamva, zakuti anthu anasiya kutopa ndiponso kudwaladwala, zimachokera ku njira imeneyi. Yachiwiri, imene tikukamba pano, ndi yopanikiza: maola onse a sabata amakhalapobe, kungoti amagawidwa m'masiku anayi m'malo mwa asanu. Zili ngati ufa wa matumba asanu wothiridwa m'matumba anayi. Ufa sunachepe, thumba lililonse langolemera. Choncho bwana akabwera ndi zotsatira za ku Britain pofuna kukopa antchito kuti avomere masiku a maola 10, akuwaonetsa umboni wa chinthu china.

Malire a lamulo si muyeso wa thupi

Lamulo la za ntchito la dziko la Malawi la chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, osawerengera ovataimu. Munthu wogwira masiku asanu ndi limodzi asapitirire maola 8 pa tsiku, pamene wogwira masiku asanu kapena ocheperapo akhoza kufika maola 12. Alonda ndi ogwira ntchito ya mashifiti ali ndi ndime zawo zapadera, ndiye zimene tikunena pano musaziike pa iwo musanafunse ku ofesi ya zantchito. Abale athu amene ali ku South Africa ali ndi lamulo la 1997 lomwe limatchula sabata yopanikizayi mwachindunji: pamafunika mgwirizano wolembedwa, tsiku lisapitirire maola 12 kuphatikizapo nthawi ya chakudya, ndipo sabata isapitirire maola 45. Dziko la Belgium linapatsa antchito ufulu wopempha masiku anayi mu 2022, koma linaika malire otsikirapo: maola 9 ndi theka pa tsiku kwa wogwira maola 38, kapena maola 10 ngati pali mgwirizano ndi mabungwe a antchito, ndipo pempholo limakhala la miyezi isanu ndi umodzi, kenako n'kulionanso.

Zimenezi zikutanthauza kuti kuno kwathu kampani ya maola 48 ikhoza kugawa 48 ndi 4, n'kupeza 12, n'kunena kuti sinaphwanye lamulo. N'zoona, sinaphwanye. Koma lamulo limangonena pamene munthu sayenera kupitirira. Silidziwa kumene wantchito amakhala, makina amene amagwira, kapena ntchito imene ikumudikira kunyumba. Zimenezo n'zoti olemba ntchito ndi antchito awerengere okha, ndipo kuwerengera kwake si kovuta.

Werengani tsiku lonse, osati la kuntchito lokha

Tiyerekeze kampani yopala matabwa ndi kupanga mipando ku Kanengo mu Lilongwe, yokhala ndi antchito 12. Pakali pano amalowa 7:30 m'mawa n'kuweruka 4:30 madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, ndi ora limodzi la nkhomaliro. Amenewo ndi maola 40. Mwini wake akufuna masiku anayi a maola 10, kulowa 7 koloko m'mawa, kuweruka 6 koloko madzulo. Papepala zikuoneka ngati angowonjezera maola awiri pa tsiku.

Tsopano titenge antchito awiri. Woyamba ndi mnyamata wokhala ku Area 25, amene amapalasa njinga mphindi 20 kuti afike kuntchito. Wachiwiri ndi mayi wopaka vanishi wokhala ku Area 36, amene amakwera minibasi ziwiri kudzera m'tauni, ndipo ulendo umodzi umamutengera ora ndi theka. Pa tsiku la maola 24, mayiyu adzakhala pakampani maola 11, chifukwa ora la nkhomaliro silimulola kupita kwawo. Tikawonjezera maola 3 a pamsewu akwana 14. Madokotala amati munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, ndiye tafika pa 21. Atsala ndi maola atatu okha, ndipo m'maola amenewo ayenera kusamba m'mawa ndi madzulo, kukonzekeretsa ana za kusukulu, kugula ndiwo, kusonkha moto, kuphika, kudya ndi kutsuka mbale. Aliyense amene anayendetsapo khomo akudziwa kuti sizingakwane. Nanga adzachotsa pati? Sangachedwe kuntchito, sangafupikitse msewu, ndipo ana sangagone ndi njala. Chimene chimadulidwa nthawi zonse ndi tulo. Adzadzuka 4:30 m'bandakucha n'kugona cha m'ma 10:30 usiku, maola 6 ngati mwana sanadwale, ndipo adzatero masiku anayi otsatizana.

Mnyamata wa njinga uja, pa ndandanda yomweyo, amatsala ndi maola oposa asanu akagona mokwanira. Kwa iye masiku anayi ndi mwayi weniweni. Ndandanda ndi imodzi, koma kwa mmodzi ndi yabwino pamene kwa wina ndi yowononga thanzi pang'onopang'ono. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kuvota pokweza manja pamsonkhano wa antchito sikokwanira. Achinyamata okhala pafupi adzapambana, ndipo amene adzavutike kwambiri ndi amene sakonda kulankhula pagulu. Wantchito aliyense apatsidwe pepala alembepo nthawi yodzuka, yonyamuka, yofika kunyumba ndi yogona, malinga ndi ndandanda yatsopanoyo. Ngati pepala la wina likuonetsa kuti tulo ta maola 7 sitingatheke, ndandandayo sinapse.

Mukayesa kuwerengera komweku pa kampani ya maola 48, yankho limabwera msanga. Maola 12 a ntchito, limodzi la chakudya ndi atatu a pamsewu akukwana 16. Atsala 8 oti munthu agone, adye ndi kusamalira banja. Kwa antchito ambiri a m'mizinda yathu, amene amadalira minibasi kapena kuyenda wapansi, sabata ya maola 48 singapanikizidwe m'masiku anayi mosaika moyo pachiswe. Kampani yotere ikafuna masiku anayi, iyambe yatsitsa maola a sabata.

Pali chinanso chimene ndandanda yopangira mu ofesi imaiwala, ndicho dzuwa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno kumada 6 koloko isanakwane. Woweruka 4:30 amafika kwawo kukuwala kapena kukungoyamba kuda, koma woweruka 6 koloko amayenda ulendo wonse mumdima, n'kukatsika pasiteji pamene tinjira ta m'makwalala mulibenso anthu. Kwa amayi, ndiponso kwa opalasa njinga m'mphepete mwa msewu waukulu wopanda magetsi, imeneyi ndi ngozi imene ndandanda yatsopano yabweretsa, ngakhale ikuchitikira kunja kwa geti.

Maola owonjezerawo amagwera kumapeto kwa tsiku

Maola a ntchito salingana kuopsa kwake. Akatswiri ofufuza za mashifiti, motsogozedwa ndi Simon Folkard wa ku Britain, anasonkhanitsa malipoti a ngozi za m'mafakitale ndipo anapeza kuti m'maola 8 oyamba chiopsezo sichisintha kwambiri, koma kupitirira apo chimakwera msanga. Poyerekeza ndi tsiku la maola 8, tsiku la maola 10 lili ndi ngozi zochulukirapo ndi pafupifupi 13 peresenti, ndipo la maola 12 ndi pafupifupi 27 peresenti. Mu ora la 12 lenilenilo, chiopsezo chimaposa kawiri cha maola oyambirira. Sabata yopanikiza imachotsa maola asanu ndi atatu a tsiku lachisanu, amene munthu akanawagwira atagona usiku wonse, n'kuwamata awiriawiri kumapeto kwa masiku ena, pamene thupi latopa kale.

Kukwera kwa 13 peresenti sikukutanthauza chimodzimodzi kulikonse. Mu ofesi ya maakaunti kumatanthauza nambala yolembedwa molakwika, imene ikhoza kukonzedwa mawa. Pa makina ochekera matabwa kumatanthauza chala. Ndiye funso lachiwiri, pambuyo pa la tulo, ndi ili: munthu wotopa akalakwitsa pa ntchito imeneyi, chimawonongeka n'chiyani? Kumene yankho lake ndi moyo kapena chiwalo, monga kwa madalaivala, owotcherera zitsulo, okwera pamwamba pa nyumba ndi opereka mankhwala kwa odwala, maola omaliza ayenera kukonzedwa mwapadera, kapena ntchitoyo isapanikizidwe n'komwe.

Ku kampani yathu ya ku Kanengo, kukonza kwake n'kusanja ntchito motsatira mphamvu za thupi. Kucheka, kupala ndi kuboola pa makina zichitike m'mawa mpaka masana. Ikakwana 4 koloko makina a mano azimitsidwe, ndipo maola otsalawo akhale a ntchito zimene kulakwitsa kwake sikuvulaza kwambiri: kulumikiza mipando, kukwecha ndi sandipepala ya pamanja, kuwerenga katundu, kusesa, kukonzekera matabwa a mawa. Nthawi yongotha kudya nsima, cha m'ma 2 koloko, nayonso ndi yofunika kuisamala, chifukwa thupi la munthu limafooka lokha pa nthawi imeneyo, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala pansi pa denga la malata.

Kupuma nakonso kuyenera kuwonjezeka, osati kuchepa. Ofufuza omwe aja anapeza kuti chiopsezo chimakwera munthu akamatalikira nthawi imene anapumira komaliza, moti pakatha pafupifupi maola awiri osapuma chimakhala chitawirikiza, ndipo akapuma chimatsikanso. Pa tsiku la maola 10 pakhale kupuma kwa mphindi 15 cha m'ma 9:30 m'mawa, nkhomaliro masana, ndi kupuma kwina cha m'ma 3 koloko. Kawirikawiri antchito eni ake ndi amene amapempha kuti nkhomaliro ikhale ya mphindi 30 kuti aziweruka msanga. Pempholi n'lomveka, koma pa ntchito yoimirira ndi yonyamula ndimalikana, chifukwa likuchotsa mpumulo pa tsiku limene likufuna mpumulo wochuluka kuposa kale.

Ndiye pali ovataimu, amene amagwetsa ndandanda zambiri zopanikiza. Oda yaikulu ikabwera, kapena magetsi akazima masana n'kuyaka madzulo, kapitawo amati tingowonjezera pang'ono. Pa tsiku la maola 8, kuwonjezera awiri kumafikitsa pa 10. Pa tsiku la maola 10 kumafikitsa pa 12, ndipo amene anadzuka 4:30 akamafika kwawo 9:30 usiku amakhala ali maso kwa maola 17. Kafukufuku wa ku Australia wa 1997, wa Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anaonetsa kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu mochedwa ndi molakwitsa mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi. Palibe bwana angalole dalaivala womwa mowa kutenga lole ya kampani, koma ambiri amatuma dalaivala wotopa chotere kukatula mipando usiku. Njira yosavuta yotsekera mpata umenewu ndi kuika malire pa nthawi ya pakati pa kuweruka ndi kulowanso. Mayiko a ku Ulaya amafuna maola 11 otsatizana, South Africa imafuna 12. Woweruka 6 koloko madzulo n'kulowa 7 koloko m'mawa ali ndi 13, ndiye ovataimu wopitirira ora limodzi wadya kale malire a 12. Mgwirizano unene poyera kuti pa tsiku lalitali ovataimu ndi ora limodzi basi, ndipo woweruka mochedwa mawa lake alowenso mochedwa.

Phokoso, fumbi ndi fungo la vanishi

Mfundo iyi ambiri saidziwa, ngakhale mabwana a mitima yabwino. Miyeso ya phokoso ndi ya mankhwala ouluka mumpweya, imene akatswiri a zaumoyo wa pantchito amagwiritsa ntchito, inawerengedwa poganizira munthu wogwira maola 8 pa tsiku. Tsiku likatalika, muyeso womwewo sutetezanso mokwanira.

Phokoso limayezedwa m'madesibelo. Malire odziwika ndi madesibelo 85 kwa maola 8, ndipo phokoso likakwera ndi atatu okha, nthawi yololedwa imadulidwa pakati: pa 88 ndi maola anayi, pa 91 ndi awiri. Kwa tsiku la maola 10 malirewo amatsikira pa 84. Makina opalira matabwa amapitirira 90 mosavuta. Ngati simungamvane ndi mnzanu amene waima mita imodzi kuchokera pamene muli popanda kukuwa, phokosolo lafika kale pa malire. Wantchito akamaweruka makutu akulira, kapena akamakweza wailesi kunyumba kuposa kale, makutu ayamba kuwonongeka, ndipo kumva kukapita sikubwerera.

Kwa mayi wopaka vanishi uja vuto ndi la pawiri. Akupuma mpweya wa vanishi ndi thina maola 10 m'malo mwa 8, komanso thupi lake latsala ndi maola 14 m'malo mwa 16 oti lichotse zimene lapumazo asanabwererenso. Akatswiri awiri, Brief ndi Scala, anakonza njira yowerengera zimenezi mu 1975. Mumagawa 8 ndi maola a ntchito, kenako n'kuchulukitsa ndi maola opuma ogawidwa ndi 16. Pa tsiku la maola 10 yankho ndi 0.7, kutanthauza kuti mpweya woipa wololedwa uyenera kutsika ndi magawo atatu pa khumi. Pa tsiku la maola 12 yankho ndi 0.5, ndiye kuti theka. Kampani yaing'ono ilibe zipangizo zoyezera mpweya, koma ikhoza kuchita chinthu chosafuna ndalama: nthawi imene munthu amakhala pa vanishi kapena pa makina aphokoso isawonjezeke ngakhale tsiku latalika. Maola owonjezerawo akhale a ntchito ina, pamalo popita mphepo. Mutu wopweteka madzulo aliwonse, chizungulire, nseru ndi maso ofiira ndi zizindikiro zakuti malirewo apyoledwa.

Tsiku lopuma likhale liti?

Aliyense amafuna Lachisanu kapena Lolemba, kuti mapeto a sabata atalike. Koma thupi limapindula kwambiri ndi Lachitatu: masiku awiri aatali, kupuma, masiku awiri ena, kenako Loweruka ndi Lamulungu. Kutopa kumaunjikana tsiku ndi tsiku, ndipo malipoti a ngozi amaonetsa kuti tsiku lachinayi lotsatizana ndi loopsa kuposa loyamba. Pa mashifiti a usiku kusiyanako n'kwakukulu, moti usiku wachinayi umaposa woyamba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kwa ntchito yolemera, kudula sabata pakati n'kwanzeru kuposa kukhala ndi masiku atatu otsatizana opuma.

Mbali inayo ndi makasitomala. Kampani ikhoza kutseka tsiku lonse limodzi, kapena kukhala yotsegula masiku asanu antchito akupuma mosinthana. Ikagawa anthu 12 m'magulu awiri, lina lopuma Lolemba lina Lachisanu, masiku awiriwo kumakhala anthu 6 okha, ndipo ochepawo amathamanga ndi ntchito ya anthu onse. Ikamwaza masiku opuma m'sabata yonse, tsiku lililonse kumakhala anthu 9 kapena 10, zimene n'zopepukirapo. Koma pamenepo muyenera kuonetsetsa kuti tsiku lililonse pali kapitawo, pali wodziwa kupereka chithandizo choyamba munthu akavulala, ndiponso pali wodziwa makina aakulu. Ngati wodziwa makinawo ndi mmodzi yekha, adzaimbiridwa foni pa tsiku lake lopuma, ndipo posakhalitsa adzakhala akugwira masiku asanu a maola 10.

Maboma awiri anayesa kutseka Lachisanu ndipo anabwerera. Boma la Utah ku Amereka linayamba masiku anayi a maola 10 mu 2008 poyembekeza kupulumutsa ndalama za magetsi, koma linasiya mu 2011. Ndalama zopulumutsidwa zinachepa poyerekeza ndi zimene ankayembekeza, ndipo anthu ankadandaula kupeza maofesi otseka. Dziko la Gambia linaika antchito aboma pa 8 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachinayi, mu 2013, ndipo boma latsopano linathetsa zimenezo mu 2017.

Tiyeneranso kunena zoona za tsiku lachisanulo. Ndandanda yopanikiza imadalira kuti munthu adzapumadi n'kubweza tulo timene anataya. Koma malipiro a anthu ambiri kuno safika kumapeto kwa mwezi, ndipo kalipentala wopatsidwa Lachisanu adzapita kukakhoma denga la munthu wina, Loweruka n'kukamaliza. Palibe amene angamudzudzule. Koma maola ake a sabata akhoza kudutsa 55, ndipo mabungwe a WHO ndi ILO analengeza mu 2021 kuti kugwira maola 55 kapena kuposerapo pa sabata kumakweza chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti, ndiponso cha imfa ya matenda a mtima ndi 17 peresenti, poyerekeza ndi maola 35 mpaka 40. Bwana sangalamule zimene munthu amachita pa tsiku lake, koma nkhaniyi ikambidwe poyera, makamaka ndi ogwira makina ndi madalaivala.

Za malipiro ndi tchuthi zilembedwe musanayambe, chifukwa n'zimene zimayambitsa mikangano. Njira yachilungamo ndi kuwerengera tchuthi m'maola. Masiku 15 a pachaka, amene lamulo limapereka kwa wogwira masiku asanu, ndi maola 120, amene akufanana ndi masiku 12 a maola 10. Mugwirizanenso zochita holide ikagwera pa tsiku lopuma la wina, ndiponso ora limene ovataimu amayambira.

Mungadziwe bwanji kuti zikuyenda?

Musayambe ngati chinthu chokhazikika. Yesani kwa miyezi itatu, ndipo musanayambe lembani mmene zinthu zilili kwa mwezi umodzi kapena iwiri, apo ayi simudzakhala ndi choyerekezera. Pa kampani ya anthu 12 ngozi zazikulu zimachitika patalipatali, choncho kunena kuti palibe wavulala m'miyezi itatu si umboni wokwanira. Yang'anani tinthu ting'onoting'ono timene timachitika kawirikawiri: thabwa lodulidwa molakwika muyeso, kudzicheka pang'ono, thabwa lobwerera mwamphamvu kuchokera pa makina koma osamenya munthu, mpando wobwezedwa ndi kasitomala. Chilichonse chilembedwe m'kabuku pamodzi ndi ora ndi tsiku lake. Ora ndilo lofunika kwambiri. Zolakwika zikayamba kuunjikana pambuyo pa 3 koloko, kapena pa tsiku lachinayi, ndandanda ndiyo ikuzibala. Kabukuka kasakhale kodulira anthu malipiro, chifukwa kakatero palibe adzalembamo.

Kwa sabata ziwiri pachiyambi ndi ziwiri kumapeto, aliyense alembe maola amene wagona. Muyeso wina umene makampani ena amagwiritsa ntchito, wochokera kwa Dawson yemwe uja ndi mnzake, ndi wakuti munthu amene wagona maola osakwana 5 m'maola 24 apitawa, kapena osakwana 12 m'maola 48 apitawa, asaikidwe pa ntchito yoopsa tsiku limenelo. Amenewa ndi malire a pansi penipeni, osati tulo tokwanira. Onaninso kujomba ndi kuchedwa, makamaka m'mawa wa tsiku lachitatu ndi lachinayi, kuchuluka kwa ovataimu, ndi chiwerengero cha mipando yomalizidwa pa sabata. Mipando ikachepa pamene maola ndi omwewo, ndiye kuti maola omaliza anthu akungokhalapo, mphamvu zitatha.

Gwirizananinso pasadakhale zimene zidzakuimitseni: munthu akavulala m'maola awiri omaliza, wina akapezeka akusinza pa makina, kapena anthu angapo akamagona maola osakwana 6 sabata ndi sabata. Ndipo pakhale khomo lotulukira kwa munthu payekha. Mayi woyembekezera, woyamwitsa, wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndi wokhala kutali, aloledwe kukhala pa masiku asanu popanda kuonedwa ngati waulesi. Kufunsa kuchitike mwa mmodzimmodzi, chifukwa pamaso pa anzake amene akusangalala ndi tsiku lopuma palibe adzavomere kuti akuvutika.

Ku kampani ya ku Kanengo ija, kuwerengera konseku kukuloza ku ndandanda yosiyana ndi imene mwini wake anayamba nayo. Kulowa 7 koloko, kuweruka 5:30, ora lathunthu la nkhomaliro, kupuma kawiri, makina kuzima 4 koloko, masiku opuma omwazidwa m'sabata, ndipo ogwira makina n'kupatsidwa apakati pa sabata. Amenewo ndi maola 9 ndi theka pa tsiku, 38 pa sabata. Kampani ikutaya maola awiri pa munthu aliyense, 24 pa anthu onse, ndipo miyezi itatu yoyesera ndiyo idzaonetse ngati kuchepa kwa matabwa owonongeka ndi kujomba kukubweza maolawo. Mayi wa ku Area 36 akupeza mphindi 30 zokha poyerekeza ndi ndandanda yoyamba ija, zimene sizikwanira kumupatsa tulo ta maola 7. Kwa iye pali njira ziwiri: kampani ichite hayala minibasi yotula antchito akutali kufupi ndi kwawo, kuti ulendo wa ora ndi theka ufupike, kapena apitirize masiku asanu a maola ake akale pa malipiro omwewo.